Ngodya Imodzi Yopezeka Pawiri: Masamu a Tanjenti ndi Khodi

Tengani pepala, kampasi, lula ndi pulotakita. Jambulani seko ya rediyasi ya masentimita 5, ndipo pakati pake mulembepo O. Pansi penipeni pa sekoyo ikani kadontho mukatche T, kenako mudutsitsepo mzere wowongoka wogona, wongokhudza seko pa T popanda kulowa m'kati. Mapeto a kumanja a mzerewo muwatche P, a kumanzere S. Tsopano ikani pulotakita pa T, muyeze madigiri 40 kuchokera pa mzere wa TP kukwera m'mwamba, ndipo mujambule mzere wolowa m'seko mpaka ukagunde mkombero wake. Pamene wagundapo mupatche A.

Chatsala n'chosavuta. Sankhani malo alionse pa mkombero, kumbali yaikulu ya seko, ndipo muwatche B. Lumikizani B ndi T, komanso B ndi A. Mukayeza ngodya imene yapangika pa B mupeza madigiri 40. Fufutani B, mumuike pena, kumtunda kapena kumanzere kwenikweni, muyezenso. Mupezabe 40. Ngodya imene munayeza pansi, pakati pa mzere wokhudza seko ndi mzere wodula seko, yakatulukira tsidya lina osasintha.

Ophunzira a kusekondale amakumana ndi mfundo imeneyi pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo ambiri amangoiloweza pamtima. Komatu chifukwa chake n'chachifupi moti munthu akachiona kamodzi safunikanso kuloweza.

Mayina a zimene tajambula

Mzere wa SP, umene wangokhudza seko pamalo amodzi, umatchedwa tanjenti. Mzere wa TA, umene walumikiza madontho awiri a pa mkombero, umatchedwa khodi. Khodi imagawa seko zigawo ziwiri, ndipo chigawo chilichonse chimatchedwa segimenti. M'chojambula chathu muli segimenti yaing'ono, yopanikizika pakati pa khodi ndi tanjenti chakumanja, ndi segimenti yaikulu, imene muli O.

Onani bwino kumene kuli ngodya ya madigiri 40 ija. Kasegimenti kakang'ono kali m'kamwa mwake. Kadontho ka B kali kutsidya kwa khodi, m'segimenti inayo. Lamulo lonse lagona pamenepa: ngodya ya pakati pa tanjenti ndi khodi imafanana ndi ngodya iliyonse imene khodi yomweyo imapanga pa mkombero, m'segimenti ya tsidya lina.

Kuyeza ndi pulotakita kumatipatsa chikhulupiriro, koma si umboni. Pensulo yobuntha ingasokoneze digiri imodzi kapena awiri, ndipo ngakhale titayeza zojambula zikwi, sitingathe kuyeza zonse. Tikufuna chifukwa chimene chingagwire ntchito pa seko iliyonse ndi khodi iliyonse. Chifukwacho chaima pa mfundo ziwiri zing'onozing'ono.

Mfundo yoyamba: rediyasi imaima chilili pa tanjenti

Taganizani gudumu la njinga litaima pamsewu wosalala. Msewu ndiwo tanjenti, ndipo sipoko imene yaloza pansi, pamene tayala lakhudza msewu, ndiyo rediyasi. Sipoko imeneyo siyendamira kutsogolo kapena kumbuyo. Imapanga madigiri 90 ndi msewu.

Chifukwa chake n'chakuti madontho ena onse a pa tanjenti ali kunja kwa seko, ndiye kuti ali kutali ndi O kuposa rediyasi. T yekha ndiye ali pafupi kwambiri. Ndipo njira yaifupi kwambiri yochokera pa kadontho kukafika pa mzere wowongoka ndi imene imagwera pamzerewo ndi madigiri 90, popeza njira ina iliyonse yopendekeka imakhala mbali yaitali ya thirayango. Choncho ngodya ya OTP ndi madigiri 90, ndipo OTS ndi 90 chimodzimodzi.

Mfundo yachiwiri: ngodya ya pakati ndi kawiri ya pa mkombero

Khodi ya TA tingaiyang'ane titaima pa O, kapena titaima pa B. Titaima pa O, mizere yopita ku T ndi ku A imatambasuka kwambiri chifukwa tili pafupi. Titaima pa B imatambasuka pang'ono. Kusiyana kwake n'kokhazikika: ngodya ya pa O ndi kawiri ya pa B.

Kuti muone chifukwa, jambulani mzere kuchokera pa B kudutsa pa O, muupitirize pang'ono, mapeto ake muwatche D. Thirayango ya OBT ili ndi mbali ziwiri zofanana, OB ndi OT, popeza zonse ndi marediyasi. Thirayango yotere imakhala ndi ngodya ziwiri zofanana m'munsi mwake, apa ya pa B ndi ya pa T. Iliyonse tiitche a. Ngodya zitatu za thirayango zikaphatikizidwa zimakwana 180, ndiye ya pa O ndi 180 − 2a. Popeza BD ndi mzere wowongoka, ngodya yotsala ya TOD ndi 2a. Chitani zomwezo ndi thirayango ya OBA, ngodya zake zofanana muzitche b, ndipo mupeza kuti AOD ndi 2b. Ngodya yonse ya pa B ndi a + b, yonse ya pa O ndi 2a + 2b. Ndiye kawiri uja.

Ngati B ali pafupi kwambiri ndi T kapena ndi A, mzere wa BD umagwera kunja kwa ngodya ya pa B. Zikatero sitiphatikiza koma timachotsera, ndipo yankho silisintha. Apa pali phindu lina laulere. Ngodya ya pa O sisuntha B akamasuntha, choncho theka lake silisunthanso. N'chifukwa chake munapeza nambala yomweyomweyo paliponse pamene munaika B.

Umboni weniweni

Bwererani ku chojambula choyamba, mulumikize O ndi T, komanso O ndi A. Ngodya ya OTP ndi 90, ndipo mwa 90 amenewo 40 atengedwa ndi ngodya ya pakati pa tanjenti ndi khodi. Otsala ndi 50, ndiyo ngodya ya OTA. Thirayango ya OTA ili ndi marediyasi awiri, motero ngodya ya pa A nayo ndi 50. Ziwirizi zapanga 100, ndipo pa 180 patsala 80, ndiyo ngodya ya TOA. Theka la 80 ndi 40. Imeneyo ndiyo ngodya ya pa B.

Palibe chapadera pa nambala ya 40. M'malo mwake tiikepo x, kuimira ngodya iliyonse yochepera 90:

PTA = x
OTA = OAT = 90° − x
TOA = 180° − 2(90° − x) = 2x
TBA = x

Mzere wachitatuwo ndiwo mtima wa nkhani. Ngodya ya pakati pa tanjenti ndi khodi ndi theka la ngodya imene khodiyo imapanga pakati pa seko. Ngodya ya pa B nayonso ndi theka la ngodya yomweyo. Zinthu ziwiri zikakhala theka la chinthu chimodzi, sizingasiyane. Amene wagwira zimenezi angathe kudzipangira lamulo lonse m'mphindi zochepa ngakhale ataliiwala m'chipinda cha mayeso.

Njira ya Euclid

Mfundoyi ndi yakale. Euclid, katswiri wa masamu amene ankaphunzitsa ku Alekizandiriya ku Iguputo cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, anailemba m'buku lachitatu la Elements ngati mfundo ya nambala 32. Iye anadzera njira ina, yosagwiritsa ntchito ngodya ya pa O mwachindunji.

Kuchokera pa T, jambulani dayamita, mzere wodutsa pa O mpaka pamwamba pa seko, ndipo pamenepo mupatche C. Lumikizani C ndi A. Ngodya ya TAC ndi madigiri 90, chifukwa dayamita ndi mzere wowongoka wa madigiri 180 pa O, ndipo theka lake pa mkombero ndi 90. M'thirayango ya TAC, ngodya ya pa T ndi 50 ija, ya pa A ndi 90, ndiye ya pa C ndi 40. Mwa mawu ena, ngodya ya pa C ndi ngodya ya PTA zonse ziwiri ndi zimene zimatsala tikachotsa CTA pa 90. Popeza C ndi B ali m'segimenti imodzi, ngodya zawo n'zofanana, ndipo umboni watha.

Luso la Euclid linali kusankha. Pa malo onse amene B akanakhala, anasankha amodzi osavuta kuwerengera, pamwamba penipeni, kenako n'kusamutsira yankho kwa ena onse.

Nanga mbali inayo ya tanjenti?

Khodi imapanga ngodya ziwiri ndi tanjenti. Kumanja kuli 40, kumanzere kuli STA, imene ndi 180 − 40, kutanthauza 140. Lamulo limagwiranso ntchito kuno, koma tsidya lina tsopano ndi kasegimenti kakang'ono kaja. Ikani kadontho ka E pa kauta kakafupi ka pakati pa T ndi A, mukalumikize ndi T ndi A. Ngodya ya TEA ikhala 140.

Chifukwa chake ndi mfundo yachiwiri yomwe ija. Titaima pa E, ngodya ya pa O imene ikugwirizana nafe ndi yozungulira kunja, yopitirira 180. Kuzungulira konse ndi 360, tikachotsa 80 patsala 280, ndipo theka lake ndi 140. Motero ngodya ya pa B ndi ya pa E zikaphatikizidwa zimakwana 180, monga mmene ngodya ziwiri za pa tanjenti zikwanira 180.

Khodi ikakhala dayamita, mbali zonse ziwiri zimafanana. Kumanja 90, kumanzere 90, ndipo ngodya ya pa mkombero ndi 90 kulikonse.

Funso lowerengedwa mpaka kumapeto

Nali funso la mtundu umene umabwera kawirikawiri. Thirayango ya TAB ili m'kati mwa seko, nsonga zake zonse zitatu zili pa mkombero. Tanjenti ya SP yakhudza seko pa T, A ali chakumanja, B chakumanzere. Tapatsidwa kuti PTA ndi madigiri 62 ndipo ATB ndi 54. Tipeze ngodya ya pa A ndi ya pa B.

Tiyambe ndi 62. Ngodyayi ili pakati pa tanjenti ndi khodi ya TA. Nsonga imene yayang'anizana ndi khodi ya TA ndi B, choncho TBA ndi 62. Kenako pa T pali ngodya zitatu zondondozana pa mzere wowongoka: 62, 54 ndi STB. Tikachotsa 116 pa 180 patsala 64. Ngodya ya STB ili pakati pa tanjenti ndi khodi ya TB, ndipo nsonga yoyang'anizana ndi TB ndi A. Choncho TAB ndi 64. Poonetsetsa: 54, 62 ndi 64 zakwana 180.

Cholakwa chofala ndi kuika 62 pa A, chifukwa A ndiye ali pafupi ndi ngodya ya 62, ndipo diso limathamangira pafupi. Choopsa n'chakuti amene wasinthanitsa 62 ndi 64 akaphatikiza amapezabe 180, n'kukhutira kuti wakhoza. Kuphatikiza sikungagwire cholakwa chimenechi. Chimene chimachigwira ndi kutchula dzina la khodi musanalembe kanthu. Ngati khodi ndi TA, yankho lili pa chilembo chimene mulibe m'dzinalo, ndicho B. Ngati khodi ndi TB, yankho lili pa A.

Funso lomweli limabweranso litabisika. Tiyerekeze kuti kunja kwa seko kuli kadontho ka Q, ndipo kuchokera pamenepo matanjenti awiri akukhudza seko pa T ndi pa A, atapanga ngodya ya madigiri 56 pa Q. Matanjenti awiri ochokera pamalo amodzi amatalika mofanana, ndiye thirayango ya QTA ili ndi ngodya ziwiri zofanana. Tikachotsa 56 pa 180 patsala 124, ndipo theka lake ndi 62. Ngodya ya QTA ndi ya pakati pa tanjenti ndi khodi ya TA, motero ngodya ya pa B ndi 62. Wofunsa sanatchule lamulo lathu, koma ndilo likutsegula funsolo.

Zinthu zina ziwiri zofunika kusamala nazo ndi izi. Choyamba, khodi iyenera kuyambira pa T penipeni, pamene tanjenti yakhudza seko. Khodi yoyambira pena ikapitirizidwa mpaka kukumana ndi tanjenti kunja kwa seko, ngodya yake sitsata lamuloli. Chachiwiri, B ayenera kukhala pa mkombero. Akalowa m'kati mwa segimenti ngodya yake imakula kuposa x, ndipo akatuluka kunja, ali tsidya lomwelo la khodi, imachepa.

Lamuloli limagwiranso ntchito chobwerera. Ngati mzere wodutsa pa T wapanga ndi khodi ngodya yofanana ndi ya m'segimenti ya tsidya lina, mzerewo ndi tanjenti ndithu. Mukayeza n'kupeza 40 pa B koma 47 pa T, musaimbe mlandu pulotakita. Mzere wanu wapendekeka ndi madigiri 7, ndipo mukaupitiriza mbali zonse muona kuti ukulowa m'seko n'kukatulukira pena.

Chifukwa chake tanjenti ikulowa m'nkhani ya makhodi

Wina angadabwe kuti mzere umene uli kunja kwa seko ukudziwa bwanji za ngodya za m'kati. Pali njira yoonera zimenezi ndi maso. Yendetsani B pang'onopang'ono pa mkombero, kutsikira kumanzere, kulunjika kwa T. Ngodya yake ikhalabe 40 ulendo wonse. Mzere wa BA ukuyandikira khodi ya TA. Mzere wa BT ukufupika, ndipo ukugona pang'onopang'ono mpaka kutsala pang'ono kufanana ndi tanjenti, utaloza kwa P. B akafika pa T, mizere yake iwiri yasanduka khodi ndi tanjenti, ndipo ngodya ya pakati pawo ndi 40 yomwe ija.

Kuona kotereku si umboni wathunthu paokha, popeza B akafika pa T khodi ya BT imazimirira, ndipo mzere sungajambulidwe ndi kadontho kamodzi. Koma kukusonyeza kuti ngodya ya pa tanjenti ndi ya m'banja lomwelo la ngodya za m'segimenti imodzi, yomalizira pamzere.

Kukhoma zikhomo pa khona la msewu

Mfundoyi ili ndi ntchito kunja kwa kalasi. Akatswiri oyeza malo akamakonza khona la msewu kapena la njanji, amafuna kuti likhale chidutswa cha seko. Vuto n'lakuti seko yake ndi yaikulu. Rediyasi ikakhala mamita 200, pakati pa seko pangakhale m'dambo, paphiri kapena m'munda mwa munthu, ndipo palibe amene angakaime pamenepo ndi chingwe cha mamita 200 n'kumazungulira. Njira imene imadziwika ndi dzina la William Rankine, injiniya wa ku Scotland amene anakhala ndi moyo kuyambira 1820 mpaka 1872, imathetsa vutoli osaponda pa O.

Woyeza amaimika makina ake oyezera ngodya pa T, pamene msewu wowongoka ukuthera. Msewu wowongokawo ukapitirizidwa ndiwo tanjenti. Akufuna kukhoma zikhomo zotalikirana mamita 20, ndipo mamita 20 amenewo ndi khodi. Taona kale kuti ngodya ya pakati pa tanjenti ndi khodi ndi theka la ngodya ya pa O. Tikadula thirayango ya marediyasi awiri ija pakati, timapeza ubale uwu, pomwe c ndi kutalika kwa khodi ndipo R ndi rediyasi:

sin x = c ÷ 2R = 20 ÷ 400 = 0.05

Ngodya imene imapereka 0.05 ndi pafupifupi madigiri 2 ndi maminiti 52, miniti kukhala gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri. Woyeza amatembenuza makina ake ndi ngodya imeneyi kuchoka pa tanjenti, womuthandiza amakoka tepi mamita 20 kutsata mzerewo, ndipo chikhomo choyamba chimakhomedwa.

Pa chikhomo chachiwiri makina sasuntha. Khodi yochoka pa chikhomo choyamba kupita pa chachiwiri nayo ndi ya mamita 20, ndiye ngodya yake pa O ndi 2x. T ali pa mkombero, motero amaiona khodi imeneyo ndi ngodya ya x. Woyeza amangowonjezera x ina, kufika pa madigiri 5 ndi maminiti 44. Womuthandiza amagwira tepi pa chikhomo choyamba, n'kuyenda nayo mpaka nsonga ya mamita 20 igwere pa mzere umene makina aloza. Chikhomo chachitatu chimakhala pa x zitatu, chachinayi pa x zinayi, mpaka khona lithe.

Lamulo lomweli limawauzanso ngati alakwitsa. Tinene kuti msewu watsopano ukhota madigiri 40 kuchoka pamene wakale unaloza. Ngodya yonse ya pa O ndi 40, choncho kuchokera pa T, mapeto a khona ayenera kuoneka pa madigiri 20. Zikhomo zisanu ndi chimodzi zimafikitsa makina pa madigiri 17 ndi maminiti 12, ndipo kotsalako kumafuna khodi yomaliza ya pafupifupi mamita 19.6. Mapeto a khona amakhala atakhomedwa kale poyeza kuchokera pamene misewu iwiri yowongoka ikukumana. Khodi yomaliza ikalephera kugwera pamenepo, pali chikhomo chimene chinaphonya, ndipo popeza chilichonse chimayezedwa kuchokera pa chinzake, zonse zotsatira zatengera kuphonyako.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira ntchito pa chigawo cha khona chimene rediyasi yake sisintha. Pa misewu ya liwiro ndi pa njanji, pakati pa msewu wowongoka ndi seko amaikapo kachigawo kokhota pang'onopang'ono, kuti woyendetsa asamapinde chiwongolero mwadzidzidzi. Kachigawo kameneko si seko, ndipo ngodya zake siziwonjezeka mofanana, choncho zimawerengedwa mwa njira ina. Woyeza amayamba kuwonjezera x pa x pokhapokha atafika pamene seko yeniyeni yayambira, ndipo tanjenti imene amayezerapo imakhala ya pamalo atsopanowo.